Wofuula kwambiri ayambe wadikira

Kuchigayo, amene wafika koyamba ndiye amayamba kugayitsa. Kuchipatala lamulo limeneli limaphwanyidwa tsiku lililonse, ndipo amene ali pamzere amang'ung'udza kuti namwino akukondera. Nthawi zambiri sikukhala kukondera. Namwino amakhala akudzifunsa kuti mwa onsewa, ndani angafe msanga akapanda kumugwira. Yankho amalipeza potsata zilembo zitatu, A, B ndi C, zomwe m'Chingerezi zimaimira njira ya mpweya, kupuma, ndi kuyenda kwa magazi.

Tiyerekeze kuti galimoto ya matola yagubuduzika, ndipo anthu anayi afika nawo pachipatala chaching'ono pomwe pali namwino mmodzi. Bambo wina wathyoka ntchafu ndipo akufuula kuti amuthandize. Mtsikana wagona chagada, sakuyankha, akungoliza mkonono. Mnyamata wadzigunda pachifuwa ndipo akupuma mwabefu. Mayi wina wangokhala phee, akupempha madzi akumwa.

Maso a aliyense amathamangira kwa bambo uja. Koma munthu amene akufuula mawu omveka wayankha kale mafunso awiri: kukhosi kwake n'kotseguka, ndipo mpweya ukulowa ndi kutuluka. Ululu wake ndi weniweni, koma akhoza kudikira pang'ono.

Woyamba ndi mtsikanayo. Ambiri akamva mkonono amati munthu wagona tulo, pomwe kwa munthu wokomoka ndi chizindikiro choti lilime lagwera kumbuyo ndipo likutseka kukhosi. Ubongo ukasowa mpweya kwa mphindi 4 mpaka 6 umayamba kuwonongeka, ndipo palibe vuto lina mwa anayiwa limene lingaphe mofulumira chonchi. Namwino amayang'ana m'kamwa ngati muli magazi, masanzi kapena mano othyoka, n'kuchotsa zimene akuziona. Kenako amakankhira nsagwada kutsogolo kuti lilime lichoke panjira. Sapendeketsa mutu chifukwa pangozi ya galimoto khosi likhoza kukhala lothyoka. Zonsezi sizitenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo mkonono ukasiya amapempha wothandizira kuti agwirebe nsagwadazo iye n'kupita kwa wina. Chimene chimandisangalatsa apa n'chakuti vuto loopsa kwambiri ndi lomwenso limatheka ndi manja okha.

Wachiwiri ndi mnyamata. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi. Uyu akupuma ka 34, ndipo akafunsidwa dzina akulephera kumaliza chiganizo osaima kaye. Namwino amamuvula malaya kuti aone ngati mbali zonse ziwiri za chifuwa zikukwera mofanana, chifukwa nthiti yothyoka ikhoza kubowola phapo. Amayang'ananso lilime ndi mkati mwa milomo, popeza pakhungu lakuda kusintha kwa mtundu sikuoneka msanga. Amamuika pa okosijeni ngati ulipo, n'kuitanitsa ambulansi.

Mayi uja ndi amene amanyenga anthu. Alibe bala looneka, akuyankha bwino, ndipo makina a bipi akhoza kuonetsa kuti zonse zili bwino, chifukwa thupi limayamba lafinya mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo kuti magazi apite kumtima ndi kuubongo. Bipi imatsika mochedwa, magazi ambiri atatayika kale. N'chifukwa chake namwino amamugwira dzanja. Likakhala lozizira, amadina chikhadabo kwa masekondi 5 mpaka chiyere, n'kuchisiya. Kufiira kukabwerera pasanathe masekondi 2, zili bwino. Kukapitirira masekondi 3, kwinaku mtsempha wapamkono ukugunda mofulumira koma mofooka, ndiye kuti magazi akutayikira kwinakwake, mwina m'mimba. Ludzu lake likuchokera pomwepo. Amamuika diripi, ndipo madzi akumwa samupatsa chifukwa akhoza kufunika opaleshoni.

Ndondomekoyi ili ndi pena pomwe imasintha. Wina akafika magazi akutuluka mothovoka pabala, kufinya balalo ndi nsalu kumayamba zilembo zonse zisanayambe, chifukwa mtsempha waukulu ukhoza kukhuthula magazi m'mphindi zochepa. Ntchito imeneyi angathe kuigwira ngakhale wachibale, namwino n'kupitiriza ndi ena.

Kaganizidwe kameneka si kachilendo kwathu. Njira yosankhira ana odwalitsa pamzere, yotchedwa ETAT, inakhwimira kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe Pulofesa Elizabeth Molyneux ankagwira ntchito, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse linatulutsa mabuku ophunzitsira njirayi mu 2005. Ana amagawidwa patatu: ofunika thandizo pompopompo, ofunika kuonedwa msanga, ndi amene angadikire.

Tibwerere kwa bambo wathu. Kuikidwa pomaliza sikutanthauza kuti namwino wathana naye. Fupa la ntchafu likathyoka, magazi opitirira lita imodzi akhoza kutayikira mkati mwa mwendo popanda dontho looneka kunja. Choncho namwino amabwererako pafupipafupi, kumugwira manja ndi kumulankhulitsa. Bamboyo akasiya kufuula, n'kuyamba kuyankha mwaulesi ndi kutuluka thukuta lozizira, namwino amayambiranso pa A, ndipo malo ake pamzere amasintha nthawi yomweyo.