Chifukwa Chiyani Choyezera Kutentha Chimakhala M'bokosi Loyera?

Pa malo oyezera nyengo monga ku Chileka, Chitedze ndi Ngabu pamaimikidwa kabokosi koyera ka miyendo italiitali, kooneka ngati mng'oma wa njuchi. M'menemo ndimo mukhala zoyezera kutentha, ndipo madigiri amene amalengezedwa pa wailesi amachokera m'mabokosi otere. Anayamba kupanga bokosili ndi Thomas Stevenson wa ku Scotland m'chaka cha 1864.

Chofunika kuyezedwa ndicho kutentha kwa mpweya. Koma choyezera chimangosonyeza kutentha kwa icho chomwe. Chikaikidwa padzuwa chimatentha monga litenthera khasu losiyidwa pabwalo, ndipo chimasonyeza madigiri oposa a mpweya umene wachizinga. N'chifukwa chake bokosi limapakidwa utoto woyera umene umabweza dzuwa, ndipo denga lake limakhala losanjikiza pawiri. Dengalo limatchinjirizanso mvula, pakuti choyezera chonyowa chimazizira pamene madzi alikuuma.

Mthunzi wokha sukwanira. Bokosi lotsekeka ponseponse lingasunge mpweya wotentha monga ichitira nyumba ya malata yopanda mawindo. Motero zipupa zake ndi timatabwa tokhomedwa mopendekeka, mosiya mipata, kuti mphepo idzipyola koma dzuwa lisalowe.

Nanga miyendo italiitali n'njachiyani? Masana nthaka ndiyo imatenthetsa mpweya, ndipo usiku ndiyo imauziziritsa. M'mwezi wa Okutobala ku chigwa cha Shire, pamene bokosi lisonyeza madigiri 40, mchenga wapadzuwa ungathe kupitirira 60. M'mamawa wa Juni kumapiri, chisanu chingathe kuwauka udzu m'dambo pamene mpweya wapamwamba sunazizire kufika pa 0. Choncho maiko anapangana kuti choyezera chidzikhala pakati pa mita 1.25 ndi mamita 2 kuchokera pansi, pa udzu wotchetcha, kutali ndi nyumba ndi mitengo. Namwino nayenso amayeza odwala onse mwa njira imodzi kuti adziwe amene thupi latenthadi. Chimodzimodzi, kutentha kwa ku Ngabu kungayerekezedwe ndi kwa ku Chitedze pokhapokha ngati kayezedwe kali kofanana.

Bokosi losasamalidwa limanama. Utoto ukasuluka, kapena mavu akamata zisa m'mipata, limasonyeza madigiri ochuluka. Woyang'anira amazindikira zimenezi poona kuti likusiyana ndi malo oyandikana nawo masana a dzuwa opanda mphepo, koma likugwirizana nawo tsiku la mitambo.

Tsono womvera wailesi akumbukire kuti madigiri olengezedwawo ndi a mumthunzi, pa msinkhu wa chifuwa cha munthu wamkulu. Mayi wolima padzuwa, ndi mwana wokwawa pa bwalo louma, akumva kutentha koposa pamenepo. Pa masiku otere mwana akhale pamphasa pansi pa mtengo, ayamwe pafupipafupi, ndipo ntchito ya khasu igwiridwe m'mawa ndi madzulo.