Chithunzi cha pa iPhone Chikakanidwa pa Fomu

Munthu akulemba fomu yofunsira ntchito pa intaneti, waikapo chithunzi cha satifiketi, koma tsamba likukana. Kawirikawiri vuto silikhala netiweki ayi, koma mtundu wa failo.

Kuyambira mu 2017, pomwe iOS 11 idatuluka, mafoni a iPhone amasunga zithunzi monga HEIC. Mtunduwu umatenga malo pafupifupi theka la JPEG, koma masamba ambiri adakonzedwa kuti azilandira JPEG ndi PNG basi. Tsono dzina la failo likathera ndi .heic, tsambalo limalikana. Kungosintha dzinalo kukhala .jpg sikuthandiza, chifukwa zam'kati zimakhala zomwe zija.

Chithunzi chojambulidwa kale mungachisinthe pafoni pomwepo. Mu Photos dinani Share, musankhe Save to Files. Kenako mu Files dinikizani chithunzicho kwakanthawi, musankhe Quick Actions, Convert Image, ndiye JPEG. Njirayi imapezeka kuyambira pa iOS 16.

Kuti zithunzi zatsopano zizituluka zili JPEG, pitani ku Settings, Camera, Formats, musankhe Most Compatible. Dziwani kuti zakale zija sizisintha nazo, ndiye onani mathero a dzina musanatumize.