VPN ya Ogwira Ntchito Kunyumba: Zodzera ku Ofesi ndi Ziti?

Munthu akamagwirira ntchito kunyumba, mafayilo a pa seva ya ku ofesi amawafikira kudzera pa VPN. Imeneyi ndi njira yotetezedwa yolumikiza kompyuta yake ndi netiweki ya ku ofesi, moti wina aliyense pakatipa sangawerenge zomwe zikudutsa. Koma woyikonza ayenera kusankha: kodi zonse zimene munthuyu akuchita pa intaneti zidzere ku ofesi, kapena za ntchito zokha?

Tiyerekeze ofesi ya anthu 15, yomwe intaneti yake ndi ya 20 Mbps. Zonse zikamadzera ku ofesi, ngakhale vidiyo ya msonkhano wa pa Teams imayamba yafika kumeneko kenako n'kutulukanso. Aliyense akamadya 2 Mbps, zikufunika 30 Mbps, kupitirira zomwe zilipo. Mawu amayamba kudukaduka, ndipo wowerengera ndalama amalephera kutsegula fayilo ya malipiro.

Apa mpofunika kugawa njira, zomwe pa sikirini zimalembedwa kuti `split tunneling`. Mu pulogalamu ya WireGuard, nkhani yonse yagona pa mzere umodzi wa mufayilo ya pa kompyuta ya wogwira ntchitoyo. Mukalemba `AllowedIPs = 0.0.0.0/0, ::/0`, zonse zidzera ku ofesi. Pogawa mumalemba chonchi:

```
[Interface]
DNS = 10.20.0.2

[Peer]
AllowedIPs = 10.20.0.0/16
```

Tsopano maadiresi oyamba ndi 10.20 okha, omwe ndi a maseva a ku ofesi, ndiwo akulowa mu VPN. Zina zonse zikungotuluka pa intaneti ya kunyumba. Mzere wa `DNS` musauiwale, chifukwa popanda iwo kompyuta imakafunsa dzina la seva ya ku ofesi kwa kampani yogulitsa intaneti, yomwe siilidziwa. Chizindikiro chake n'chakuti seva imatseguka mukalemba nambala yake, koma imakana mukalemba dzina.

Vuto lozunguza mutu kwambiri ndi la maadiresi ofanana. Marauta ambiri a m'nyumba amagwiritsa ntchito 192.168.1.0/24. Ngati ofesi inasankhanso omwewa, njira ziwirizi zimalimbana: mwina kompyuta imafunafuna seva m'nyumba momwemo, mwina pulinta ya kunyumba imasowa. N'kwabwino kusintha maadiresi a ku ofesi anthu asanayambe kulumikiza.

Kuti mutsimikize, pa Linux lembani `ip route get 10.20.0.5`. Yankho litchule dzina la VPN, monga `wg0`. Lamulo la `sudo wg show` nalo limasonyeza nthawi imene mbali ziwirizi zinagwirizana komaliza.

Kugawaku kuli ndi kuipa kwake. Zosadzera ku ofesi sizidutsa pa zosefera za kampani, choncho tsamba la akuba silitsekedwa. N'chifukwa chake ine ndimati malaputopu okhala ndi zinsinsi za odwala kapena za ndalama, komanso olumikizidwa pa Wi-Fi ya kuhotela, azidzera ku ofesi pa zonse, n'kupatula misonkhano ya pavidiyo yokha. Enawo agawireni njira, koma makompyuta awo akhale ndi chitetezo chawochawo ndiponso mapulogalamu osatsalira.