Msambo ukatha subwereranso

Mayi wa zaka 56 anasiya kusamba zaka zinayi zapitazo. Tsiku lina pochapa akuona kadontho kofiirira pa kabudula wamkati. Palibe chomwe chikupweteka. Pakutha pa masabata atatu kadonthoko kabweranso, ndipo mnzake wa kumpingo akumuseka: "Amayi, mwabwerera utsikana!" Nthabwala imeneyi imandiwawa, chifukwa yachedwetsa amayi ambiri kupita kuchipatala.

Achipatala amati mayi wasiya kusamba akatha miyezi 12 yotsatizana osapita kumwezi, ndipo ambiri zimawachitikira ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55. Kuchokera pamenepo, magazi alionse otuluka kumaliseche si msambo ayi, ngakhale kadontho kamodzi, ngakhale chikazi chamadzimadzi chosakanikira ndi magazi. Mayi wathuyu apite kuchipatala sabata yomweyo, asadikire kuti aone ngati zibwerezenso.

Nthawi zambiri chifukwa chake sichoopsa. Thupi likasiya kupanga michere yachikazi yokwanira, khungu la m'njira yoberekera ndi la m'kati mwa chiberekero limapyapyala ndi kuuma, ndiye limachucha magazi likangokhudzidwa, makamaka pogonana. Ena amakhala ndi tinyama tomera m'chiberekero tomwe si khansa. Koma khansa ya khomo la chiberekero ndi ya m'kati mwa chiberekero nazo zimayamba chimodzimodzi, mwakachetechete, popanda ululu. Malawi ali m'gulu la maiko omwe khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo mayi yemwe ali ndi kachilombo ka HIV chiopsezo chake ndi chachikulu kuposa cha anzake. Ululu wa m'chiuno ndi chikazi chonunkha zimabwera mochedwa, matenda atazika kale mizu.

Akafika kuchipatala, namwino amufunsa kuti anasamba komaliza liti, magazi anayamba liti, ndiponso mankhwala omwe akumwa. Kenako amugoneka ndi kulowetsa kachipangizo kotsegula njira kuti aone khomo la chiberekero ndi maso. Zimachititsa manyazi, inde, koma ndi mphindi zochepa, ndipo n'zololedwa kupempha kuti pakhale mayi mnzanu.

Apa pali msampha. Mayi amatha kunena kuti, "Ndinayezetsa za viniga chaka chatha, anati ndili bwino." Kuyeza kopaka viniga kumaona khomo lokha, sikuona m'kati mwa chiberekero. Komanso mwa mayi amene anasiya kusamba, malo omwe khansa imayambira amabwerera m'kati mwa khomolo, pomwe diso silifika. Choncho ngati khomo likuoneka bwino koma magazi akutuluka, nkhani sinathe. Pafunika sikani yoona kukhuthala kwa khungu la m'kati mwa chiberekero: likapitirira mamilimita 4, kapena magazi akamabwerabwera, dokotala amatapa kanyama pang'ono kukakayeza. Ngati chipatala chaching'ono chilibe zipangizo, pemphani kalata yopitira ku chipatala cha boma, komwe angakutumizeni ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe.

Kwa amene akusambabe, nkhani imasiyanako. Jakisoni wa Depo, kulera kwa pamkono, lupu ndi mapilitsi zimadonthetsa magazi pakati pa misambo, makamaka miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira, ndipo zimenezi pazokha sizoopsa. Ena amaona kadontho pakatikati pa mwezi dzira likamatuluka. Koma magazi akamatuluka mukatha kugonana, akamabwereza mwezi ndi mwezi, kapena akayamba mwadzidzidzi mutalera kale zaka zingapo popanda vuto, musanamizire jakisoni. Kayezetseni. Matenda opatsirana pogonana amachita zimenezi, likodzo nalonso: amayi a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota adziwe kuti mazira a likodzo amakhazikika pa khomo la chiberekero ndi kuyambitsa tizilonda. Muuzeni namwino ngati mumachapa kapena kusamba m'nyanja.

Pali magazi ena osagona nawo m'nyumba. Ngati msambo unadumpha, kenako mwayamba kudontha magazi, m'mimba mukupweteka mbali imodzi ndipo mukumva chizungulire, mwina mimba yakhala kunja kwa chiberekero, ndipo chubu chikaphulika munthu amatha kufa tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ngati thewera likudzaza ola lililonse kwa maola awiri kapena kuposerapo. Pezani galimoto, kaya ndi usiku.

Inu ana aakazi, amayi anu sangayambe okha kukuuzani zotere. Afunseni mwaulemu muli awiri, ndipo akavomera kuti aona magazi, tengani buku lawo la kuchipatala muwaperekeze.