Timaulusi tobisika timene timadyetsa chinangwa

Ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota, chinangwa cha kondowole chimabereka m'minda imene chimanga chopanda feteleza chimangopinimbira. Chodabwitsa n'chakuti mizu yake yoyamwira chakudya ndi yochepa, yokhuthala ndiponso yopanda tiubweya tambiri. Mbewu ya mizu yotere imayenera kuvutika kwambiri kupeza fosifolasi, mchere umene nambala 21 imaimira pa thumba la feteleza wa 23:21:0+4S. Koma chinangwa chili ndi mthandizi wokhala m'mizu mwake momwemo.

Vuto la fosifolasi n'lakuti sayenda. M'dothi lofiira la katondo komanso m'dothi la asidi, amakanirira ku ayironi ndi aluminiyamu, ndipo amene amasungunuka m'madzi ndi wochepa zedi. Muzu ukayamwa amene ali pafupi, pamatsala kamalo kopanda kanthu kozungulira muzuwo, kotalika milimita imodzi kapena ziwiri. Kuseri kwa kamaloko mchere ulipo, koma umasendera pang'onopang'ono kwambiri moti mbewu imakhala ndi njala chakudya chili pafupi.

Apa ndi pamene pamalowa mafangasi, zamoyo za m'gulu la bowa ndi nkhungu. Mgwirizano wawo ndi mizu umatchedwa maikoraiza, dzina limene katswiri wa zomera wa ku Germany, Albert Bernhard Frank, anapereka mu 1885. Mafangasi a m'chinangwa ndi m'chimanga satulutsa bowa wooneka. Thupi lawo lonse ndi timaulusi toonda kuposa tsitsi.

Muzu wosowa fosifolasi umatulutsa timankhwala toitana mafangasiwa. Kaulusi kamaboola khungu la muzu, n'kulowa m'maselo a m'kati, n'kugawikana nthambinthambi ngati kamtengo. Kunja kwa muzu, timaulusi tina timatambalala masentimita angapo, kudutsa kamalo kopanda kanthu kaja, n'kulowa m'timipata ta dothi momwe muzu sungakwane. Fosifolasi amene tapeza timamulumikiza m'timizere titalititali, kumuyendetsa m'kati mwa ulusi mpaka pa nthambi zija, pomwe mbewu imamulandira. Nthambizo zimakhala masiku ochepa chabe, kenako zimafota n'kuphuka zina.

Ntchitoyi si yaulere. Mbewu imalipira ndi shuga komanso mafuta opangidwa m'masamba, ndipo malipirowo amatha kufika gawo limodzi mwa magawo asanu a chakudya chonse chimene yapanga. Mafangasiwa sangakule popanda muzu wamoyo.

Kukula kwa thandizoli kunaoneka bwino ku CIAT, likulu la kafukufuku wa ulimi ku Colombia, m'zaka za m'ma 1980. Reinhardt Howeler ndi anzake ankapha zamoyo zonse za m'dothi, kenako n'kubzalamo chinangwa. M'dothi lotere chinangwa chinkapinimbira ndi njala ya fosifolasi, ndipo kuti chikule pankafunika feteleza wochuluka kwambiri. Akathiramo mafangasi, dothi lomwelo linkachikuza bwino. Mchere unalimo kale. Chinkasowa ndi chokautenga.

Mlimi sagula mafangasiwa, pakuti m'minda yambiri alimo kale. Chimene angachite n'kuwasunga kapena kuwawononga. Kugalauza dothi chaka ndi chaka kumadula timaulusi, ndiye mbewu yatsopano imadikira kuti tilukanenso, pamene masabata oyambirira ndi amene imafuna fosifolasi kwambiri. Kusiya munda uli mbee kwa nthawi yaitali kumawapha ndi njala. Alimi a ku Queensland, m'dziko la Australia, ankaona mbewu zikupinimbira m'minda imene aigoneka miyezi yambiri popanda chomera chilichonse, ndipo ofufuza anapeza kuti mafangasi ndi amene anali atachepa. Kabichi, repu ndi mpiru nazonso siziwalola kulowa m'mizu mwawo, choncho dimba limene lakhala ndi ndiwo zokhazi limakhala ndi mafangasi ochepa. Nandolo, khobwe, mtedza ndi mapira zimawasunga.

Feteleza wa fosifolasi akachuluka, mbewu imaleka kuwaitana chifukwa sikuwafunanso.

Kuwazindikira m'munda n'kovuta. Timatuza tooneka pa mizu ya mtedza si maikoraiza ayi: m'menemo mumakhala mabakiteriya opereka naitirojeni. Mafangasi amaoneka pokhapokha muzu ukanyikidwa mu utoto n'kuikidwa pa maikulosikopu. Chimene mlimi amaona ndi zizindikiro za njala, monga chimanga chaching'ono cha masamba ofiirira m'mphepete, ngakhale kuti kuzizira ndi madzi odikha zimachititsanso zomwezo.

Palinso malire. Mafangasi sapanga fosifolasi, amangotenga amene alimo. Dengu lililonse la chinangwa lotuluka m'munda limachoka ndi gawo lake, ndipo munda wokololedwa zaka zambiri osabwezeramo manyowa, kompositi kapena feteleza pang'ono umafika poti timaulusi tilibenso chotola.