Kodi p = 0.17 Ikutanthauza Kuti Mankhwala Sanagwire Ntchito?

Mu 2021, Robin Carhart-Harris ndi anzake a ku Imperial College London anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa odwala 59 a matenda ovutika maganizo. Odwala 30 anapatsidwa silosaibini, yemwe amapezeka mu bowa wina, ndipo 29 anamwa esitalopramu kwa masabata 6. Pa sikelo ya QIDS-SR-16, yoyambira 0 kulekeza 27, zizindikiro za a silosaibini zinatsika kuposa za anzawo ndi mapointi 2.0. Malire a 95 peresenti anayambira pa phindu la 5.0 mpaka kuluza kwa 0.9, ndipo p inali 0.17.

Wounika malipoti amene anazolowera mzere wa 0.05 akaona zotere amafulumira kulemba kuti palibe kusiyana. Komatu p sinanene zimenezo. Imangonena kuti, mankhwala awiriwa akanakhala ofanana, kusiyana kotereku kapena koposa apa kukanaoneka pafupifupi maulendo 17 pa 100 alionse. Dokotala amene wodwala wamukhalira pamaso funso lake ndi lina: pali mwayi wochuluka bwanji woti mankhwala awa aposa awo?

Funso limeneli ndi limene njira ya Bayes imayankha, ndipo mu 2023 Sandeep Nayak ndi anzake anaunikanso kafukufukuyu motero. Ife tiwerengere tokha mwachidule. Malire aja akusonyeza kuti kugwedera kwa 2.0 uja ndi mapointi pafupifupi 1.5. Tikayamba opanda chiyembekezo chilichonse, mwayi woti silosaibini aposa ndi pafupifupi 91 peresenti. Tsopano tiyambe ngati munthu wokayika, amene akuti kusiyana kwenikweni kuli pafupi ndi 0, ndi kugwedera kwa mapointi 2. Chiyembekezo chakecho chikaphatikizidwa ndi zimene odwala anaonetsa, phindu limatsika kufika pa 1.3, mwayi n'kukhala 86 peresenti.

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa 86 peresenti imakoma m'khutu. Ikukamba za phindu lililonse, ngakhale lochepetsetsa loti wodwala sangalimve m'thupi. Tiyerekeze kuti tagwirizana kuti phindu lomveka ndi mapointi 3. Mwayi wofika pamenepo ndi 25 peresenti kwa wopanda chiyembekezo uja, ndi 8 peresenti yokha kwa wokayika. Odwala akakhala ochepa chonchi, chiyembekezo choyambira chimakoka yankho mwamphamvu. N'chifukwa chake ine ndimati wounika aliyense afunse kuti chiyembekezocho chinachokera kuti, ngati chinasankhidwa zotsatira zisanaoneke, komanso mmene yankho likusinthira chikasinthidwa.

Pali vuto lina limene masamu a Bayes sangalichotse. Munthu amene wamwa mamiligalamu 25 a silosaibini nthawi zambiri amadziwa, pomwe gulu linalo linapatsidwa miligalamu imodzi yokha. Sikelo ya QIDS-SR-16 amalemba ndi wodwala mwiniwake, choncho chimwemwe kapena kukhumudwa ndi gulu limene wagweramo kukhoza kukhala kuti kunalowa kale mu 2.0 uja tisanayambe n'kuwerengera komwe.