Pamene Outlook Ikufunsabe Mawu Achinsinsi

Lero tikambirana za Outlook, pologalamu ya makalata a pa kompyuta, imene nthawi zina imafunsa mawu achinsinsi mobwerezabwereza ngakhale mwalemba olondola.

Poyamba yesani kulowa pa outlook.com ndi mawu omwewo. Mukaloledwa, dziwani kuti mawuwo alibe mlandu, ndipo kuwasintha n'kungotaya nthawi. Cholakwika ndi njira imene pologalamuyo ikudzizindikiritsira.

Kuyambira pa 16 Sepitembala 2024, kampani ya Microsoft inaleka kulandira njira yakale yongotumiza dzina ndi mawu achinsinsi pa maadiresi a Outlook.com ndi Hotmail. Tsopano imafuna njira yotchedwa OAuth2. Akaunti imene inaikidwa pamanja monga POP kapena IMAP, m'njira yakaleyo, imakanidwa. N'chifukwa chake funsolo limabwereranso.

Mankhwala ake ndi awa. Sungani kaye makalata anu pena, kuti angatayike. Kenaka pa File sankhani Account Settings, ndipo muchotse akauntiyo ndi Remove. Bwererani pa Add Account, lembani adiresi yokha, osasankha zoika pamanja. Tsamba la Microsoft likatseguka lokha n'kufunsa mawuwo, ndiye kuti njira yatsopano yagwira.

Koma eni Outlook 2010, izi sizikuthandizani, ifunika yatsopano.

Tsalani bwino.